Sitiripi, rafuti kapena padi: yambani mwakumba dzenje pa pulotipo

Mlamu wanga atagula puloti kumunsi kwa Nkando, m'mphepete mwa dambo, anandiimbira foni mu Okutobala kuti ndikamuyezere maziko. Pulani anali nayo kale, yokopera kwa mnzake amene anamanga ku Bvumbwe: zipinda zogona zitatu, mamita 10 mulitali, 8 mulifupi. Nditangotsika njinga anati, "Alamu, inu ingokokani zingwe, anyamata okumba ndapangana nawo kale. Mnzanga uja anakumba kulekeza m'mawondo basi, nyumba ili nji mpaka lero."

Tepi sindinaitulutse m'thumba. Pansi ponse panali pakuda, pouma gwa, pong'ambika ngati chidendene cha m'chilimwe. Ndinatola phesi la chimanga n'kulowetsa mumng'alu umodzi, linalowa pafupifupi theka la mita osagunda kanthu. Ndinamuuza kuti, "Alamu, pulaniyi ndi yabwino kuyambira pa silabu kupita m'mwamba. Koma za pansizi n'zina. Kwa mnzanu uja ndi katondo, pano ndi makande."

Mitundu ya maziko imene timalimbana nayo pa nyumba wamba ndi itatu. Sitiripi ndi amene aliyense amawadziwa: ngalande yotsata khoma lililonse, konkire pansi pake, njerwa n'kuyambira pamenepo. Padi ndi chibuloko cha konkire cha makona anayi pansi pa pilala aliyense, ndipo nyumba imaima pa mapilalawo ngati nkhokwe pa miyendo yake. Rafuti ndi silabu imodzi yazitsulo yoyala pansi pa nyumba yonse ngati mphasa, yokhala ndi mabimu okhuthala kunsi kwake, kuti nyumba ikhale ngati yasenzedwa pa thireyi imodzi.

Anthu ambiri amaganiza kuti chosankhitsa pakati pa atatuwa ndi kulemera kwa nyumba. Pa nyumba yopanda chipinda chapamwamba, kulemera si nkhani kwenikweni. Tiyeni tiwerengere. Khoma la njerwa lokhuthala masentimita 23, lotalika mamita 4 tikaphatikiza la pansi pa nthaka, limalemera pafupifupi matani 1.8 pa mita iliyonse. Onjezanipo denga la malata ndi konkire ya pansi, mufika matani 2.3 kapena kupitirira pang'ono. Mukagawa pa konkire yotambalala masentimita 60, dothi likusenza matani osakwana 4 pa sikweya mita. Dothi lolimba bwino limasenza matani 10 osadandaula. Ndiye kuti nyumba zathu zambiri sizing'ambika chifukwa cholemera. Zimang'ambika chifukwa dothi layenda, ndipo layenda mbali imodzi kusiya inzake. Choyendetsa dothi kuno kwathu ndi madzi, ndipo mvula ya kuno simufunika kuuzidwa: dzinja lonse imagwa, pofika Juni chiperoni n'kudzawonjezera.

Kufunsa dothi

Musanagule thumba limodzi la simenti, kumbani maenje atatu, akuya mita ndi theka, m'mbali mwa pamene nyumba idzakhale, osati pamzere wa khoma penipeni. Pa malo otsetsereka, limodzi likhale kumtunda, lina kumunsi. Ndi ganyu ya tsiku limodzi.

Yang'anani zipupa za dzenjelo. Pamwamba pamakhala dothi lakuda lachonde la mizu, limenelo silimangidwapo nyumba mulimonse, limachotsedwa lonse. Pansi pake ndi pamene pali yankho. Ngati ndi lofiira, lofanana mpaka pansi, piki ikuchita kulimbana nalo, ndipo chala chachikulu mukakanikiza chikungosiya kachizindikiro, muli pa katondo wabwino. Ngati ndi lakuda kapena lotuwa, lomata ku khasu, ndipo mukaswa chibuma mkati mwake mukung'anima ngati mwapakidwa mafuta, amenewo ndi makande oyenda. Nyowetsani pang'ono, mulipote m'manja: likapoteka n'kufika kuonda kwa kamtengo ka machesi osaduka, dongo lake ndi lambiri. Mukapeza zidutswa za njerwa, mapepala apulasitiki kapena makala pakuya, dziwani kuti ndi dothi lothira. Mapuloti ambiri a m'matauni athu ang'onoang'ono anaumbidwapo njerwa, maenje ake n'kukwiriridwa ndi zinyalala, ndipo ena muli zimbudzi zakale.

Kenako lisiyeni dzenjelo usiku wonse. M'mawa mukapeza madzi pansi pake mvula isanagwe, madzi a pansi ali pafupi. Kuyesa kumeneku kumanena zoona kwambiri mu Febuluwale kapena Malichi kusiyana ndi mu Okutobala. Ngati simungadikire dzinja, funsani oyandikana nawo kuti chitsime chawo chimadzaza kufika pati, ndipo muyang'ane makoma awo. Nyumba ya neba imakuuzani zambiri kuposa wogulitsa puloti.

Sitiripi: ya pa katondo ndi pa dothi la miyala

Pa katondo wolimba wa m'zitunda za tiyi, kaya ku Thyolo kaya cha ku Chitakale, sitiripi ndi yokwana, ndipo kuthira rafuti pamenepo n'kutaya ndalama. Muyeso wozolowereka wa khoma la masentimita 23 ndi ngalande yotambalala masentimita 60, konkire yokhuthala masentimita 20 mpaka 23, pa kasakanizidwe ka 1:3:6, kutanthauza muyeso umodzi wa simenti, itatu ya mchenga, isanu ndi umodzi ya miyala ya kwale. Kuya kwake kusachepere masentimita 60, ndipo ngati pamenepo dothi likadali lofewa, pitirizani mpaka piki iyambe kulira.

Pali lamulo limodzi limene amisiri ambiri amaliphwanya pofuna kusunga simenti. Konkire yopanda zitsulo isatuluke kunja kwa khoma kuposa kukhuthala kwake. Pa ngalande ya masentimita 60, mbali iliyonse imatuluka masentimita 18 ndi theka, ndiye konkire ya masentimita 20 ili bwino. Mukaithira ya masentimita 10, mapiko aja amathyoka ngati bisiketi, khoma n'kutsala litaima pa kamzere kopyapyala.

Pa malo otsetsereka, ngalande isatsate kutsetsereka kwa nthaka. Pansi pake pakhale pa levulo, pazitsika ndi masitepe. Sitepe iliyonse ifanane ndi mizere yathunthu ya njerwa, iwiri kapena itatu, kuti womanga asamadule njerwa, ndipo konkire ya kumtunda ikwere pa ya kumunsi kawiri kutalika kwa sitepeyo, osachepera masentimita 30. Ndinaonapo nyumba ina imene ngalande yake inangotsetsereka ndi phiri. Khoma la kumunsi linasiyana ndi linzake pa kona moti mkono umalowa.

Kufooka kwa sitiripi n'koti imadalira dothi kukhala lofanana kuzungulira nyumba yonse. Pakakhala malo amodzi ofewa, monga chulu chakale, chitsa cha bulugamu chowola kapena dzenje la njerwa, konkire yopanda zitsulo singadumphe. Pofewa pakakhala pang'ono, kumbani mpaka dothi lenileni, mudzaze ndi konkire yochepa simenti, kapena muikemo zitsulo za Y12, zokhuthala mamilimita 12, ziwiri pansi ziwiri pamwamba, zopitirira mita imodzi mbali zonse. Chimodzimodzinso pouma kwambiri. M'munsi mwa phiri la Mulanje, cha ku Likhubula ndi kwina, mumakumana ndi zimiyala zogubuduka kalekale zokwiririka m'dothi. Okumba amasangalala kuti apeza thanthwe, pomwe ndi chimwala chongokhala pa dothi. Ngakhale chitakhala chosasunthika, khoma lokhala theka pamwala theka pa dothi limathyokera pamalire pomwepo, chifukwa dothi limatsika pang'ono pomwe mwala sutsika. Chiswani kapena chichotseni, zikakanika ikani zitsulo podutsa pamenepo.

Ngakhale katondo amafewa akamamwa madzi malo amodzi tsiku ndi tsiku. Mpopi wodontha pa kona, kapena madzi a ku bafa otayikira pakhoma, amatha kutsitsa kona ya nyumba imene inakhala bwinobwino zaka khumi.

Padi: ya mapilala ndi ya podutsa dothi lothira

Padi ntchito yake ndi yosavuta kuimva. Katundu akakhala kuti akutsikira malo amodzi, monga pa pilala wa khonde, wa tchalitchi, wa shedi, kapena wa shopu yosanjikiza ngati zimene zikumera pa Limbuli ndi pa Luchenza, pamafunika phazi lotambalala. Pilala akasenza matani 20, dothi lili la matani 10 pa sikweya mita, phazilo likhale masikweya mita awiri, ndiye kuti mita ndi theka mbali zonse kuti patsale mpata. Kukhuthala kwake kumakhala masentimita 35 kapena 40, konkire ya 1:2:4, ndi zitsulo za Y12 zopingasana pansi. Zitsulozo zisagone padothi. Muyambe mwathira kakonkire kopyapyala, kenako muzikweze masentimita 5 ndi timabuloko ta simenti, apo ayi dzimbiri limazidya. Nyumba yosanjikiza, manambala amenewa awerengere injiniya, osati kuyerekeza ndi maso.

Pamene padi imapulumutsa anthu wamba ndi pa puloti yodula phiri. Kuno kwathu timakonda kudula kumtunda, dothilo n'kuthira kumunsi kuti pakhale poyalana. Pakatha dzinja limodzi udzu umamera, palibe angadziwe kuti theka la pulotiyo ndi lothira. Sitiripi yokhala mbali ina pa dothi lodula, mbali ina pa lothira, imang'amba nyumba pakati. Dothi lothira likakhala lochepera mita imodzi, ingozamitsani sitiripi ndi masitepe mpaka nthaka yeniyeni. Likakhala lakuya mamita awiri, ngalande yotero ndi yodula komanso imatha kugumukira okumba. Apa mumakumba maenje a padi motalikirana mamita atatu kapena kuchepera, kubowola dothi lothira mpaka pa nthaka yakale, kuimika mapilala, n'kuwalumikiza pamwamba ndi bimu yazitsulo. Khoma limakhala pa bimuyo. Silabu ya mbali yothira ndi nkhani ina: dothilo litsindiridwe pang'onopang'ono, masentimita 15 ulendo umodzi, lonyowa pang'ono, apo ayi pansi pa chipinda padzalira ngati ng'oma mukaponda.

Pa makande, mapadi osaya pansi pa nyumba yopepuka ndi osathandiza. Phazi lililonse limakwera ndi kutsika palokha.

Rafuti: kubwerera pa puloti ya mlamu

Makande akamwa madzi amafufuma, akauma amabwerera n'kung'ambika. Mphamvu yofufumirayo imaposa kutali matani 4 aja amene nyumba ikukanikiza nawo, ndiye nyumba yopepuka imanyamulidwa. Chovuta n'choti sinyamulidwa mofanana. M'mphepete mwa nyumba dothi limanyowa m'dzinja n'kuuma m'chilimwe, pomwe pakati, pophimbidwa ndi silabu, chinyezi sichithawa, chimachulukirachulukira. Pakapita zaka zingapo pakati pamatukuka, makona n'kumalendewera m'chilimwe. Sitiripi ya masentimita 60 kuya imakhala mkati mwenimweni mwa dothi loyendali, ndipo imayenda nalo limodzi.

Dzenje loyesera pa puloti ya mlamu linasonyeza makande mpaka pansi pa mita ndi theka, osasintha. Akanakhala kuti makandewo atha pa masentimita 80 n'kuyamba dothi la miyala, ndikanati tizamitse sitiripi tidutse. Ambiri saidziwa njira imeneyi, amathamangira rafuti pomwe dothi labwino lili pafupi. Koma apa panalibe pothawira.

Rafuti siletsa dothi kuyenda. Ntchito yake ndi kulimbitsa pansi pa nyumba kuti ikamakwera ikwere yonse, ikamatsika itsike yonse. Cholimba si silabuyo ayi, ndi mabimu a kunsi kwake. Apa m'pamene anthu amapusitsidwa: silabu ya masentimita 10 yokhala ndi meshi, yoyala pa makande popanda mabimu, si rafuti, ndi silabu wamba, ndipo imasweka ngati chikoko cha dzira.

Mlamu anafunsa funso la aliyense: "Nanga matumba angati, alamu?" Tinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuwerengera pa chikatoni. Makoma onse, akunja ndi amkati, anakwana mamita 60. Sitiripi ikanadya konkire makyubiki mita 8 ndi pang'ono, ndipo pa 1:3:6, pomwe kyubiki mita imodzi imafuna pafupifupi matumba anayi ndi theka a makilogalamu 50, ndi matumba 37. Khoma la m'ngalande mpaka pa silabu, matumba ngati 20 a matope. Silabu ya masentimita 10 pa masikweya mita 80, matumba ngati 50. Zonse pamodzi, cha m'ma 107, osawerengera njerwa zokwiririka pansi.

Rafuti imene injiniya anatilembera, pakuti pamenepa ndinakana kuyerekeza ndekha, inali silabu ya masentimita 15 ndi mabimu otambalala masentimita 30, otsika masentimita 45 kunsi kwa silabu, pansi pa khoma lililonse. Silabu makyubiki mita 12, mabimu 8, zonse 20. Pa 1:2:4, matumba asanu ndi limodzi ndi theka pa kyubiki mita, ndi matumba 130. Mlamu anadabwa, ankayembekeza kuti ziwirikiza kawiri. Kusiyana kwa simenti ndi matumba 23 okha, chifukwa rafuti ndi maziko komanso ndi pansi pa nyumba nthawi imodzi. Chimene chimaboola m'thumba ndi zitsulo: Y12 zinayi m'bimu iliyonse, ziwiri pansi ziwiri pamwamba, zimakwana mamita 240, ndipo polumikiza ndi pokhota m'makona zimafika pa zitsulo ngati 23 za mamita 12, kuwonjezera maringi ndi meshi ya silabu yonse. Zapamwambazo musalole mmisiri azichotse ponena kuti n'zongokongoletsa. Makona akalendewera m'chilimwe, bimu imakokeka kumwamba kwake, ndipo zogwira ndi zomwezo.

Rafuti sikhululuka pa kagwiridwe ka ntchito. Mapaipi onse a madzi ndi a chimbudzi aikidwe musanathire, chifukwa kudzaswa bimu pambuyo pake n'kuipha. Pepala lakuda lapulasitiki liyalidwe pansi ponse. Konkire ya mabimu ndi silabu ithiridwe tsiku limodzi kuti igwirane, ndipo makyubiki mita 20 si ntchito ya anyamata anayi ndi mafosholo. Tinachita hayala mikisa ndi chogwedezera konkire, anthu oposa khumi ndi asanu, kuyamba kusanache. Madzi anali m'migolo kuyambira dzulo lake. Pambuyo pake tinaithirira masiku asanu ndi awiri, itaphimbidwa ndi masaka onyowa. Mmisiri wina ankafuna kuwonjezera madzi mu konkire kuti iziyenda ngati phala la mwana, tinakangana pang'ono, koma konkire yamadzi imeneyo ndi imene imafumbutuka ikauma.

Kupatula pa makande, rafuti imayeneranso pa dothi lofewa la m'mbali mwa madambo, pomwe madzi ali pafupi moti ngalande imadzaza musanathire konkire, chifukwa imagawa kulemera pa malo onse ndipo simukumba mozama. Pa malo otsetsereka kwambiri siyenera: imafuna poyalana, ndipo mukaiyala theka pa dothi lothira, nyumba singang'ambike koma imapendekeka yonse, zitseko n'kumadzitsegukira zokha.

Zimene ming'alu imanena

Ngati nyumba ilipo kale, khoma limaulula chimene chikuchitika pansi. Timing'alu tonga tsitsi tosokonekera m'pulasitala n'ta pulasitala basi. Wa maziko umayenda mopingasa kuchokera pa kona ya windo kapena chitseko, umatsata mizere ya njerwa ngati masitepe, ndipo umaoneka kunja ndi mkati momwe. Ukakula kumwamba n'kuchepa kumunsi, kona ikutsika kapena pakati pakutukuka. Ukakula kumunsi, pakati pa khoma ndi pamene pakutitimira. Ukamatseguka mu Okutobala n'kutsekeka mu Febuluwale, chitseko n'kumalimba nyengo ina yokha, amenewo ndi makande. Mumate kasimenti kopyapyala modutsa mng'aluwo, mulembe deti pambali. Kakasweka pakatha miyezi ingapo, nyumba ikuyendabe, ndipo kumata pulasitala n'kungodzinamiza. Mng'alu wolowa pensulo itanirani injiniya.

Palinso malo amene atatu onsewa sagwira ntchito. Amene tinaona Namondwe Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa mmene matope ndi zimiyala zinatsikira m'mapiri kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe. Napolo akadutsa samafunsa kuti pansi pali rafuti kapena sitiripi. Puloti ya pakamwa pa chigwa chotsika m'phiri, pomwe pali zimiyala zambirimbiri zobalalika, ikukuuzani kuti zinafika bwanji pamenepo. Chimodzimodzi m'gombe mwa Ruo kapena Thuchila momwe madzi amasefukira. Pamenepo yankho ndi kusamutsa nyumba.

Kwa mlamu, titamaliza rafuti panatsala zinthu ziwiri zimene ankaziona ngati zazing'ono. Choyamba, kakhonde ka simenti kozungulira nyumba yonse, kotambalala mita imodzi ndi theka, kopendekera kunja, ndi ngalande yotengera madzi a padenga kutali, kuti dothi la m'mphepete lisamanyowe ndi kuuma mosinthasintha. Chachiwiri chinali mabulugamu asanu amene anali atabzala kale m'malire, mamita anayi okha kuchokera pakhoma la kuchipinda. Bulugamu amamwa madzi kwambiri, ndipo pa makande amaumitsa mbali imodzi ya nyumba. Ayenera kutalikira ndi nyumba mofanana ndi msinkhu umene adzafike akakula. Anati, "Alamu, imeneyo ndi milimo yanga ya mtsogolo." Ndinamuuza kuti akadali aang'ono, awazule akawabzale kumunsi kwa munda. Anazula anayi. Wachisanu, wa pa kona ya kumadzulo, anausiya, ndipo ndikapitako ndimayamba ndayang'ana pansi pa windo la kona imeneyo ndisanalowe m'nyumba.